Chitseko cha kabati chapendekeka ndipo masikuluu akungozungulira: timitengo ta machesi kapena fila?

Chitseko cha kabati sichigwa tsiku limodzi. Chimayamba ndi kukhula pang'ono kumunsi mukamatseka. Kenako mumazolowera kuchinyamula ndi chogwirira kuti chilowe bwino, osazindikira n'komwe kuti mwayamba kutero. Tsiku lina mumatenga sikuludiraiva, mumamanga masikuluu a hinji, chitseko chimawongoka, koma pakangotha sabata chabwereranso pomwe chija. Mukamanga kachitatu, sikuluu imangozungulira osafika pothina. Apo ndiye kuti bowo latha mazinga, ndipo kumanganso sikungathandizenso kanthu.

Anthu ambiri akafika pamenepa amaganiza kuti vuto ndi kukula kwa bowo, choncho amafuna chinthu choti alidzaze nacho. Maganizo amenewa ndi amene amachititsa kuti ntchitoyi izibwerezedwa. Sikuluu siigwira chifukwa bowo ndi lodzaza. Imagwira chifukwa mazinga ake aluma ulusi wa thabwa, ndipo ulusiwo ndi wolumikizana ndi thabwa lonse. Mukadzaza bowo ndi chinthu chopanda ulusi, kapena chinthu chimene sichinamatirire ku thabwalo, sikuluu ithina lero koma idzatuluka nacho chinthucho mawa.

Musanamasule chilichonse, yang'anani kaye pomwe pavuta

Tsegulani chitseko mpaka theka, chigwireni kumunsi cha kumbali ya chogwirira, muchikweze pang'onopang'ono uku mukuyang'ana mahinji. Mbali imene ikusuntha ndi imene ili ndi vuto. Kawirikawiri ndi hinji ya pamwamba, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva: kulemera kwa chitseko kumakoka hinji ya pamwamba kuti izuke, pomwe ya pansi kumangoikankhira mkati. Hinji ya pansi ikhoza kukhala zaka zambiri masikuluu ake ali osathina kwenikweni, osaonetsa vuto lililonse.

Onaninso ngati akugwedera ndi masikuluu a ku chitseko kapena a ku khoma la kabati. Pa makabati ambiri a masiku ano pali mahinji obisika aja, amene mbali ina ili ngati kambale kozungulira ka mamilimita 35 kolowa m'chitseko, ndipo mkono wake umakamangidwa pa kachitsulo kophwatalala kamene kali pa khoma la kabati. Kambale kaja kamathandizidwa ndi dzenje lake, choncho masikuluu ake savutika kwambiri. Ovutika ndi awiri a pa kachitsulo ka kukhoma.

Pali chinanso chimene chingakupulumutseni ku ntchito yosafunika. Mahinji obisikawa ali ndi masikuluu ena pa mkono amene ntchito yawo ndi kusendeza chitseko, sagwira thabwa ayi. Ya kutsogolo imasendezera chitseko kumanja kapena kumanzere, ya kumbuyo imachisendezera mkati kapena kunja. Ngati mwakweza chitseko ndipo kachitsulo ka kukhoma kali nji, koma mkono ukutsetsereka pamwamba pake, mabowo alibe mlandu. Mangani sikuluu ya kumbuyo ija basi. Ndipo ngati kugwederako kuli m'mfundo za hinji yeniyeniyo, ndiye kuti hinjiyo yatha, ikufunika ina.

Mukatsimikiza kuti ndi bowo, masulani sikuluuyo muione. Ikatuluka ndi utuchi wofewa m'mazinga mwake, thabwa ladyeka. Ikatuluka ndi dzimbiri kapena utuchi wachinyezi, pali madzi amene akufika pamenepo, ndipo nkhaniyo ndi ina, ndiikamba kutsogoloku.

Kabati yanga, ndi ulendo woyamba umene ndinalakwitsa

Chitseko chimene chinandiphunzitsa zonsezi chinali cha kabati ya kukhitchini, chotalika masentimita 70, mulifupi masentimita 50, cholemera pafupifupi makilogalamu 5. Khoma la kabatiyo ndi la chipibodi ya mamilimita 18, thabwa lija lopangidwa ndi tizidutswa ta mitengo topanikizidwa ndi guluu. Masikuluu ake anali a mamilimita 4 kunenepa, 16 kutalika. Mabowo onse awiri a hinji ya pamwamba anali atatha, koma mosiyana: lakumunsi linali litangokula pang'ono, sikuluu ikulowa ndi kutuluka ndi zala, lakumtunda linali litagumuka kukamwa, lotambalala ngati kadzenje, m'mphepete mwake mukuyoyoka.

Ndinagula fila ya m'kachitini, phala lija lotsekera ming'alu ya matabwa, ndinaipaka m'mabowo onse awiri, ndinadikira mpaka mawa lake n'kumanga. Masikuluu anathina bwino ndithu, ndipo ndinadziyamikira. Sipanathe mwezi. Nditamasulanso ndinapeza fila ya m'bowo lakumunsi yasanduka fumbi, ndipo ya lakumtunda inatuluka yonse ili phaphatha ku sikuluu ngati chotsekera botolo, pansi pake idakali yofewa chifukwa sinaume mpaka mkati.

Fila wamba sinapangidwire kunyamula katundu. Ntchito yake ndi kubisa: mutu wa msomali, mng'alu, pomwe thabwa lakumbika, kuti mukapala ndi sandipepala ndi kupenta pasaoneke. Imauma chifukwa madzi kapena mankhwala a mkati mwake amauluka, ndiye ikamauma imanyala, ndipo m'bowo lakuya imauma pamwamba pokha. Ikauma imakhala yophwanyika ngati choko. Mazinga a sikuluu akalowamo amangoipera. Ngakhale pa chitini patalembedwa kuti imalola sikuluu, kulola sikuluu ya chinthu chongokhala phee ndi kwina, kupirira chitseko chimene chikutsegulidwa kangapo tsiku lililonse ndi kwinanso.

Pali fila ina yosiyana, imene imabwera pawiri, phala ndi kachubu ka mankhwala oumitsa, kapena epokisi yosakaniza mbali ziwiri. Iyi imauma chifukwa mankhwalawo asakanikirana, choncho imalimba mpaka pansi pa bowo ndipo simanyala kwenikweni. Iyo ili ndi malo ake pa ntchitoyi. Koma bowo likakhala kuti langokula pang'ono, timitengo ta machesi ndi guluu timaiposa, ndipo n'tosavuta.

Kakonzedwe ka machesi, mwatsatanetsatane

Chotsani chitseko. Musayese kukonza bowo chitseko chikulendewera ku hinji ya pansi, chifukwa mudzawononga mabowo a pansiwo, amene anali abwinobwino. Yambani kumasula hinji ya pansi, ya pamwamba imalize, wina atakugwirirani chitseko kapena mutachitsamiritsa pa mabuku. Mahinji ena obisika ali ndi kabatani kumapeto kwa mkono. Mukakadina chitseko chimachoka popanda kumasula sikuluu.

Yeretsani bowo. Tengani msomali kapena nsonga ya sikuluu, mukokole utuchi wonse wofewa mpaka mumve kuti mwafika pa thabwa lolimba, kenako uzirani. Guluu akamatirira pa fumbi ndiye kuti wamatirira pachabe.

Dulani mitu ya machesi muitaye. Mutu umaphwanyika ndipo sugwira guluu. Kamtengo kamodzi n'konenepa pafupifupi mamilimita 2, ndiye bowo la sikuluu ya mamilimita 4 limene lakula pang'ono limadya titatu kapena tinayi. Yesani kaye popanda guluu kuti mudziwe chiwerengero. Chofunika n'chakuti komaliza kalowe mokakamiza, mochita kugogoda pang'ono ndi hamala. Tikamalowa tonse ndi zala, onjezerani kena, ngakhale mutakang'amba pakati. Timitengo totokosera m'mano timagwiranso ntchito, ndipo timathandiza kutseka mipata chifukwa n'tosongoka.

Guluu wake ndi woyera uja wa matabwa. Thirani kadontho m'bowo, mumuzungulitse ndi kamtengo kuti makoma onse anyowe, viikani timitengo tina tonse, mulowetse mpaka pansi. Guluu wotuluka mupukute ndi kansalu konyowa. Anthu ambiri amadumpha guluu, amangolowetsa timitengo touma n'kumanga pompo. Njira imeneyi imagwira masiku angapo chifukwa cha kupanikizana, koma timitengoto sitinakhale mbali ya thabwa, ndipo chitseko chikamatsegukatseguka timasuntha mpaka kutuluka.

Kenako dikirani. Guluu wa matabwa amayamba kugwira pakatha mphindi 30 mpaka ola, koma mphamvu yake yonse imabwera pakatha maola 24. Kabati ikhale yotsegula usiku umodzi, palibe chimene chiwonongeke. Mukamanga guluu ali wamadzi, timitengo timazungulira limodzi ndi sikuluu n'kupita mbali imodzi, ndipo sikuluu imalowa mopendekera.

Akauma, dulani zotsalira ndi mpeni wakuthwa kapena chezulo mpaka pasalale ndi thabwa. Musathyole ndi zala, chifukwa timatsala timitu timene timaletsa kachitsulo ka hinji kukhala bwino, ndipo kachitsulo kogwedera ndi chiyambi cha vuto lomwelo.

Tsopano pali chinthu chaching'ono chimene chimasiyanitsa ntchito yokhalitsa ndi yobwereza: kabowo kotsogolera. Ikani kachitsulo ka hinji pamalo pake, lembani ndi pensulo pakati penipeni pa bowo lake, mubowole ndi kachitsulo kobowolera ka mamilimita 2 kapena 2.5, kuya kwake kosapitirira mamilimita 12. Ngati mulibe chobowolera, gogodani msomali wopyapyala pang'ono n'kuuzula. Popanda kabowoka sikuluu imafunafuna pofewa, imatsetsereka pakati pa timitengo ndi thabwa lakale, ndipo hinji imakhala itasuntha ndi milimita imodzi kapena awiri. Pa hinji milimita imodzi imaoneka yochepa, koma kunsonga kwa chitseko imaonekera.

Mangani ndi dzanja, osati ndi makina. Mukamva kuti mutu wa sikuluu wakhudza chitsulo ndipo yayamba kukana, onjezerani pang'ono chabe muleke. Mabowo ambiri amene ndawaona atatha anathera pa tsiku loyamba lomwe, pamene womanga kabati anapitiriza kupota ndi makina sikuluu itafika kale, mazinga n'kudula ulusi wonse. Chitseko chinangotenga nthawi kuti chiulule.

Bowo lakumunsi la kabati yanga ndinalikonza chonchi, ndi timitengo tinayi, ndipo silinandivutenso.

Pomwe machesi amalephera

Bowo lakumtunda lija linali nkhani ina. Kukamwa kwake kunali kwa mamilimita pafupifupi 7, ndipo ndikakokola, tizidutswa ta chipibodi tinkangoyoyoka. M'thabwa lenileni la mtengo, ulusi wozungulira bowo umakhalabe wolimba ngakhale bowo litakula, choncho timitengo ta machesi timapeza pomatirira. Chipibodi ndi yolimba kunja kokha, m'mbali zake ziwiri. Pakati pake tizidutswa n'tikulutikulu ndipo n'totayana. Bowo likagumuka, makoma ake amakhala osadalirika, ndiye mukhoza kulowetsamo timitengo khumi, tonse tidzatuluka pamodzi ngati mtolo.

Muyeso wanga ndi uwu: ngati bowo likufuna timitengo topitirira tisanu kapena sikisi, kapena ngati kukamwa kwake kwagumuka, siyani machesi. Pamenepo pakufunika dawelo, kachikhomo kamtengo kozungulira kamene akalipentala amalumikizira matabwa.

Ndinatenga dawelo ya mamilimita 8 ndi kachitsulo kobowolera ka muyeso womwewo. Pa kachitsuloko ndinakulunga tepi pa mamilimita 12 kuchokera kunsonga, kuti ndidziwe polekera. Khoma la mamilimita 18 silichedwa kubowoka mpaka kuseri, ndipo mbali ya kuseriyo ndi imene alendo amaona. Ndinakulitsa bowo mpaka makoma ake atakhala oyera ndi olimba, ndinadula dawelo kachidutswa kopitirira pang'ono kuya kwa bowo, ndinapaka guluu mbali zonse n'kugogoda mofatsa, dzanja lina litatsamiritsa thabwa kuseri. Mawa lake ndinasalaza, ndinabowola kabowo kotsogolera, ndinamanga. Apa kabowo kotsogolera sikosankha ayi: sikuluu ikulowa motsata ulusi wa dawelo, ndipo popanda kabowo imaing'amba pakati.

Fila ija ya mbali ziwiri ndi imene ndinadzazira kachigamba kamene kanasenduka pambali pa dawelo, kuti kachitsulo ka hinji kapeze pokhala posalala. Imeneyo ndiye ntchito yoyenera fila pa hinji: kusalaza pansi pa chitsulo, osati kugwira sikuluu. Ngati mulibiretu dawelo ndipo mukufuna kudzaza bowo lonse ndi epokisi, zimatheka, bola muikankhire mpaka pansi pasatsale mpweya, muisiye iume kotheratu, ndipo mubowole kabowo kotsogolera kokulirapo, ka mamilimita 3, popeza epokisi siipatuka ngati mtengo. Ena amalowetsa sikuluu epokisi ili yamadzi. Imagwira ndithu, koma tsiku lodzasintha hinji mudzalira, pokhapokha mutaipaka kaye sikuluuyo sopo kapena phula la kandulo.

Nanga bwanji osangoika sikuluu yaikulu? Funso limeneli limabwera nthawi zonse. Yaitali imathandiza pamene hinji yamangidwa pa felemu ya thabwa lenileni, pomwe kuseri kwa bowo kuli mtengo wambiri woti nsonga ikalume. Pa khoma la mamilimita 16 kapena 18 palibe kopita. Sikuluu ya mamilimita 20 kapena 25 ikhoza kutulukira kunja. Yonenepa pang'ono, monga ya 4.5 m'malo mwa 4, ikhoza kugwira bowo limene langoyamba kumene kutha, bola idutse m'bowo la hinji ndipo mutu wake usatumphuke n'kumagunda mkono potseka. Dziwaninso kuti makabati ambiri ogulidwa m'zidutswa ali ndi mabowo a mamilimita 5 obowoleratu, otalikirana mamilimita 32, ndipo mabowo amenewa amafuna masikuluu onenepa afupiafupi opanda nsonga. Mukaikamo sikuluu wamba ya mamilimita 4 idzazungulira ngakhale bowolo lili labwinobwino. Ndiye musanaweruze kuti bowo latha, onani ngati wina sanasinthe sikuluu.

Malo onse a pansi pa hinji akagumuka, moti mabowo awiri atsala pang'ono kukumana, dawelo nayonso ilibe pogwira. Apo pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kachitsulo kokonzera mahinji, kophwatalala, kokhala ndi mabowo ambiri m'mphepete: kamaphimba pogumukapo, masikuluu ake amakaluma thabwa labwino chapatali, ndipo hinji imamangidwa pa iko. Yachiwiri ndi kusamutsa hinji yonse, kuitsitsa masentimita 5 kapena kuposerapo kuti ipeze thabwa latsopano. Kwa hinji wamba yophwatalala izi n'zosavuta. Kwa yobisika pafunika kubowola dzenje lina la mamilimita 35 m'chitseko, ntchito imene imafuna chida chake.

Ndipo chipibodi ikafufuma ndi madzi, monga zimachitikira ku makabati a pansi pa sinki, palibe machesi, dawelo kapena fila imene ingagwire. Mukaidina ndi chikhadabo imalowa, ndipo chikopa chake chapamwamba chimakhala chitatukuka. Ngakhale itauma sibwerera mwakale. Tsekani kaye pomwe madzi akuchokera, kenako ganizirani zosintha thabwalo kapena kumatapo thabwa lina lolimba mkati.

Chifukwa chake vutoli limabwerera ngakhale mwakonza bwino

Nditamaliza kukonza ndinafuna kudziwa chimene chinazula masikuluuwo poyamba, popeza zitseko zinzake za kabati yomweyo zinali bwinobwino. Kulemera kwa chitseko pakokha n'kochepa. Makilogalamu 5 aja pakati pake pali masentimita 25 kuchokera ku mahinji, ndipo mahinjiwo ndi otalikirana masentimita 50, ndiye hinji ya pamwamba imakokedwa ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu awiri ndi theka okha. Masikuluu awiri angapirire zimenezo kwa zaka zambiri. Koma mwana wa makilogalamu 15 akalendewera pa chogwirira, kunsonga kwa chitseko, masentimita 50 kuchokera ku mahinji, amawonjezera makilogalamu 15 athunthu pa hinji yomweyo. Kwathu sanali mwana n'komwe. Ndinali ine, ndikamadzuka pogwada kufunafuna chinthu m'kabatimo, ndinkatsamira pa chitseko chotsegula kuti ndiimirire.

Chinanso ndi kutsegula mopitirira malire. Mahinji obisika ambiri amalekezera pa madigiri pafupifupi 110. Munthu akakankha chitseko kupyola pamenepo, kapena akachigunda ndi bondo chili chotsegula, chitseko chonse chimasanduka chozulira ndipo masikuluu ndi amene amalipira. Zomwezonso zimachitika chitseko chikamatsekedwa mokakamiza pamene china chake mkati, poto kapena shelefu yotuluka, chatsekereza kufupi ndi hinji. Hinji yadzimbiri kapena youma nayo imakoka masikuluu ake nthawi iliyonse imene yatsegulidwa. Kadontho ka mafuta a makina m'mfundo zake kamathetsa zimenezo. Ndipo ngati mwapachika zinthu zolemera kuseri kwa chitseko, kapena chitseko n'chachitali kupitirira masentimita 90 koma chili ndi mahinji awiri okha, ikani hinji yachitatu pakati kapena chakumtunda pang'ono.

Pobwezera chitseko yambani ndi hinji ya pamwamba, kenako ya pansi, ndipo musathinitse masikuluu a kukhoma mpaka chitseko chitakhala pa msinkhu wofanana ndi chinzake; mabowo a kachitsulo kaja amakhala otalika pang'ono kuti muthe kukweza kapena kutsitsa. Tsekani muone mpata wa pakati pa zitseko ziwirizo. Ngati ndi wothina kumtunda n'kutambalala kumunsi, kunsonga kukadali kogwa pang'ono: potani sikuluu ya kutsogolo ya hinji ya pamwamba theka la kuzungulira kuti pamwamba pabwerere cha kukhoma, tsekani, onaninso. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, bwerezani kuyesa kuja kokweza chitseko ndi dzanja. Mtengo watsopano umaphwa pang'ono pansi pa mazinga, ndiye mwina mudzapeza kuti sikuluu ikulola kupotedwa pang'ono. Ipoteni ndi dzanja mpaka ikane, muleke pomwepo.